Ejenti akakuuzani kuti muli ndi makilo 46 musangovomera, yang'anani tikiti

Abale anga amene mukukonzeka zopita kumudzi, nkhani ya katundu musaitenge mwachibwana. Ine mpaka lero mtima umandiwawabe ndikakumbukira zomwe anandichita ejenti wina amene ndinagulako tikiti yochokera ku Manchester kupita ku Chileka kudzera ku Joni. Ndinamufunsa kawiri konse za katundu, iye amvekere "akulu musadandaule muli ndi makilo 46 mpaka ku Blantyre." Ine ndikulongedza sutikesi imodzi makilo 29, inayo 17, poti kuphatikiza zikukwana.

Pa kauntala anandibweza. Tikiti ikalembedwa 2PC ndiye kuti zikwama ziwiri, ndipo pa matikiti ambiri a ekonome chilichonse chisapitirire makilo 23 pachokha, saphatikiza ayi. Ndinagwada pansi anthu akudutsa kumasamutsa nsapato ndi majuzi a ana kuti makilo 6 aja apite mu inayo. Komanso dziwani kuti chikwama chikapyola makilo 32 ambiri sachilandira olo mutati mulipira.

Koma zowawa zenizeni zinali ku Joni. Kumeneko mpamene ndinadziwa kuti munthu uja anandigulitsa matikiti awiri osiyana, manambala a buking'i awiri, ndiye katundu sanapitirire yekha, ndinachita kukamutenga ndikukayambanso layini ya chekini, ndipo tikiti yachiwiriyo inalembedwa 1PC. Sutikesi yachiwiri ndinalipira pompo mtengo wa pa eyapoti, ndalama yomwe ndinasungira mayi ya feteleza. Kumuimbira foni osayankha, pa Watsapu akuwerenga koma zii. Atayankha patapita masiku akuti "munayenera kuwerenga nokha." Munthu woti wadya komishoni yanga! Ndiye inu musanalipire muuzeni akutumizireni tikiti yonse pa imelo, muone ngati nambala ya buking'i ndi imodzi, kenako muone katundu wa ndege iliyonse payokha. Akamazemba musiyeni, maejenti ndi ambiri.

Sikelo ya m'manja gulani, ndiyotchipa, ndipo lekezani pa makilo 22 chifukwa masikelo amasiyana.

Tsopano chikwama cha m'manja. Ndege zambiri zobwera kwathu zimalola makilo 7, ndiye musachisandutse sutikesi yachitatu. Changa chinali 11, pa geti anachiyeza ndikunena kuti chipite pansi komwe kumakhala masutikesi, ine mu chipwirikiti chija sindinatulutse mankhwala a BP a mayi, chikwama chinafika patatha masiku awiri ine ndikuyenda pakati pa Ndirande ndi Chileka. Kuyambira pamenepo pasipoti, ndalama, mankhwala pamodzi ndi kalata ya dokotala, mafoni amene mwatumidwa ndi laputopu ndimaika mu kachikwama kakang'ono mkati mwa cha m'manjacho, akati chipite pansi ndimangosolola. Onjezanimo zovala zosinthira za tsiku limodzi.

Pawabanki ndi mabatire apadera saloledwa pansi chifukwa akayaka kulibe wozimitsa, malo ake ndi m'manja. Malire ndi 100Wh popanda kupempha chilolezo, ya 20,000mAh imakhala cha m'ma 74Wh ndiye ilibe vuto, koma ngati zolemba zake zinafufutika akhoza kukulandani. Zamadzimadzi ndiye zosiyana, mabotolo akuluakulu a loshoni, pefyumu ndi shampu apite pansi, mumange mu pulasitiki. M'manja botolo lisapose 100ml. Wina akuuzani kuti eyapoti yakwawo anasintha lamulo, inde ena anasinthadi, koma posinthira ndege mudutsanso pa sekyulite ina yomwe sinasinthe. Sizasi, mipeni ndi masikuludilaiva, pansi basi.

Pobwerera mpamene ambiri timalakwitsa chifukwa achibale amabweretsa zinthu usiku womaliza. Nali ndi Sobo ndi zamadzi, chiponde nachonso amachiwerenga ngati zamadzi, zonsezi pansi ndipo zivindikiro mumate ndi tepi. Mpunga wa Kilombero ndi ufa zimadya makilo msanga, muyeze musanalonjeze aliyense. Ku UK nyama ndi zamkaka zochokera kwathu ndi zoletsedwa olo nyamayo ikhale yofutsa, koma nsomba zouma ngati usipa ndi chambo chowamba amalola mpaka makilo 20 munthu mmodzi. Zikulungeni kawiri, fungo likalowa mu zovala silituluka.

Ndipo chonde, kaphukusi komata kale koti "mukangopatsa mlongo wanga" musalandire, kaya wakupatsani ndi wa kutchalitchi. Mutsegule pamaso pake muone chilichonse, akakana abwerere nako, poti pa kauntala akafunsa kuti mwalongedza nokha woyankha ndinu.