Momwe mungalembere chidule cha ulaliki wojambulidwa kuti amene sanafike ku tchalitchi alandire uthenga wake

M'mipingo yambiri masiku ano mumapezeka wachinyamata amene amajambula ulaliki wa Lamulungu pa foni, kenako n'kuutumiza pa gulu la WhatsApp la mpingo. Vuto ndi lakuti odwala, amayi odikirira matenda ku chipatala, alonda ndi anamwino amene anali pa ntchito, komanso abale athu a ku Joni, kawirikawiri sakhala ndi bandulo kapena mpata womvera mawu a mphindi 40. Chimene amatha kuwerenga ndi chidule. Koma chidulecho chimangothandiza ngati chanyamula ndime imene mlaliki anatsegula ndi uthenga umene iye mwini anapereka, osati ulaliki wina watsopano wochokera m'mutu mwa wolembayo. Njira imene ndikulongosola pano cholinga chake ndi kuteteza zinthu ziwiri zimenezi.

Musanayambe, pemphani chilolezo kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo amene analalikira, ndipo muwauze kuti mudzawaonetsa chidulecho chisanatumizidwe. Ngati analemba mfundo zawo papepala, apempheni akubwerekeni, ngakhale kuti pepalalo silingalowe m'malo mwa kumvetsera, pakuti alaliki ambiri amasiya zimene analemba akafika pa guwa. Khalani ndi kope, cholembera, zomvera za m'makutu, ndi Baibulo la mtundu umene unawerengedwa tsikulo.

Kumvetsera koyamba kukhale kopanda kulemba ziganizo. Mverani kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaimitsa, ndipo muzingolemba nambala ya mphindi imene ikuoneka pa foni nthawi iliyonse mlaliki akawerenga vesi, akasintha nkhani, kapena akabwereza mawu amene wawanena kale. Pambali pa nambalayo ikani mawu awiri kapena atatu okukumbutsani. Musathamangitse mawu ndi batani la 1.5x kapena 2x pa ulendo woyambawu, chifukwa pamene mlaliki watsitsa mawu n'kuyankhula pang'onopang'ono nthawi zambiri ndi pamene pali phata la uthenga, ndipo liwiro limabisa zimenezi. Munthu amene amayamba kulemba kuyambira mphindi yoyamba amadzaza tsamba ndi malonje ndi mawu otsegulira, n'kufika kumapeto atatopa, pamene mlaliki akuomba mkota.

Mukamaliza, tsimikizani ndime. Mavesi amene amatchulidwa mu ulaliki umodzi amatha kukhala ambiri, koma ndime yaikulu ndi imene mlaliki anakhalapo n'kumabwererako. Enawo ndi othandizira. M'mipingo monga ya CCAP mumawerengedwa mawu a m'Chipangano Chakale ndi a m'Chipangano Chatsopano, ndipo pa Misa ya Lamulungu ya Akatolika pamakhala mawerengo awiri ndi salimo Uthenga Wabwino usanawerengedwe, choncho si zonse zimene zinawerengedwa zimene zinalalikidwa. Tsegulani Baibulo, muwerenge ndimeyo nokha, ndipo muone ngati nambala za mavesi zikugwirizana ndi zimene zinanenedwa. Mlaliki akatenthedwa amatha kutchula vesi 18 pamene akuwerenga vesi 28. Zikatero lembani nambala yoona, ndipo muwadziwitse mwaulemu. Tchulaninso Baibulo limene linawerengedwa, chifukwa Buku Lopatulika, limene linatuluka koyamba mu 1922, ndi Buku Loyera la mu 1998 amasiyana m'kalembedwe ndi m'mawu ambiri, ndipo gogo amene ali ndi Baibulo lakale angadabwe kuti mawu amene mwalemba sakuwapeza.

Tsopano tifike pa gawo limene lili lovuta koposa, ndipo tiligwire ndi chitsanzo. Tiyerekeze kuti ulaliki unali wa mphindi 38, ndipo panawerengedwa Luka 15:11-32, fanizo la mwana wolowerera. Pepala lanu la kumvetsera koyamba likuonetsa kuti mphindi 4 zoyamba zinali malonje ndi pemphero. Kuyambira mphindi 4 mpaka 11 mlaliki anafotokoza za mwana wamng'ono, kutenga kwake chuma, njala, kuweta nkhumba ndi kubwerera kwake. Pa mphindi 12 anabwerera ku mavesi 1 ndi 2 a chaputala chomwecho, pamene Afarisi ndi alembi ankang'ung'udza kuti Yesu amalandira anthu ochimwa ndi kudya nawo. Kuchokera pamenepo mpaka mphindi 33 sanachokenso pa mavesi 25 mpaka 32, nkhani ya mwana wamkulu amene anabwera kuchokera kumunda, namva kuyimba ndi kuvina, nakwiya, nakana kulowa m'nyumba. Pakati pake, cha pa mphindi 20, anasimba nkhani yoseketsa ya munthu wina amene anakana kudya pa ukwati chifukwa sanamuike pa mpando wapatsogolo, ndipo mpingo wonse unafa nako kuseka.

Wolemba wosasamala akangomva kuti Luka 15 amalemba kuti abusa analalikira za kulapa, kuti aliyense wosochera abwerere kwa Mulungu. Mawuwo ndi oona ndipo ali m'ndimemo, koma si zimene zinalalikidwa tsikulo. Nambala za mphindi zikuchitira umboni: mphindi 7 pa mwana wamng'ono, mphindi zoposa 20 pa mwana wamkulu. Cholakwika chimenechi chimachitika kwambiri pa ndime zodziwika, chifukwa khutu limamva zimene linazolowera kuyambira ku Sande sukulu. Cholakwika china ndi kudzaza chidule ndi nkhani ya pa ukwati ija poti ndi imene anthu anatuluka akuikamba. Chitsanzo chili ngati ndiwo, chimathandiza kuti nsima itsike, koma wodwala amene mwamutumizira ndiwo zokha sanadye.

Pofuna kupeza uthenga weniweni, mverani kachiwiri malo atatu okha. Oyamba ndi pamene mlaliki watha kuwerenga ndipo akunena mutu wake. Achiwiri ndi malo onse amene munalemba kuti wabwereza mawu. Achitatu ndi mphindi 5 zomaliza pamodzi ndi pemphero lotsekera, chifukwa mlaliki amapempherera chimene chili pamtima pake, ndipo ngakhale amene anayendayenda mu ulaliki wake amaulula cholinga chake m'pempheromo. M'chitsanzo chathu, tinene kuti anabwereza kanayi kusiyana kwa vesi 30 ndi vesi 32: mwana wamkulu potchula mng'ono wake akumunena ngati mwana wa bambo ake chabe, koma bambowo poyankha akumukumbutsa kuti ameneyo ndi m'bale wake. Ndipo popemphera anapempherera akhristu akale kuti alandire amene abwerera mu mpingo. Mukaika zimenezi pamodzi, lembani uthengawo m'chiganizo chimodzi chokhala ndi mneni. Kulemba kuti “Mwana wamkulu” kapena “Chikondi cha Atate” ndi kupereka mutu chabe. Uthenga ndi wotere: munthu angathe kutumikira m'nyumba ya Atate zaka zambiri koma n'kukhala kunja kwa chimwemwe chawo ngati akukana m'bale wake amene walapa. Ngati chiganizo chotere chikukukanikani, musapitirire kulemba. Mverani kachiwiri kapena funsani mlalikiyo.

Chiganizocho chikapezeka, zotsalazo sizichedwa. Pamwamba ikani tsiku, dzina la mlaliki ndi ndime. Pa WhatsApp mawu amaoneka akuda kwambiri mukawaika pakati pa nyenyezi ziwiri, motere:

```
*Luka 15:25-32*
```

Onani kuti ngakhale panawerengedwa mavesi 11 mpaka 32, mwaonetsa amene ulaliki unatsamirapo, ndipo mungawonjezere kuti kuwerenga kunayambira pa vesi 11. Pansi pake lembani chiganizo cha uthenga chija, kenako mfundo za mlaliki motsatira mmene iye anaziyalira, iliyonse ndi vesi lake. Ngati anali ndi mfundo ziwiri, lembani ziwiri. Musazitambasule kuti zikwane zitatu. Mkatikati mwa chidule chathu mungamveke motere: “Abusa anati fanizoli linanenedwa kwa anthu opembedza amene ankang'ung'udza, monga tikuonera pa vesi 2. Anaonetsa kuti mwana wamkulu ankawerengera zaka za utumiki wake ngati wantchito, pa vesi 29, ndipo anakana kutcha mnzakeyo m'bale, pa vesi 30. Anatikumbutsa kuti bambo amene anathamangira wamng'ono pa vesi 20 ndi yemweyo amene anatuluka kukadandaulira wamkulu pa vesi 28. Pomaliza anapempha aliyense kuti sabata ino akachezere munthu mmodzi amene wangobwerera mu mpingo.” Pempho lomalizalo musalisiye, pakuti ndi limene wosafikayo akuyenera kuchita pamodzi ndi anzake. Nkhani ya pa ukwati ija ingalowe m'chiganizo chimodzi, kapena ingatsale.

Mawu oti “abusa anati” ndi “anaonetsa kuti” ali ndi ntchito yaikulu, chifukwa amasiyanitsa zinthu zitatu zimene siziyenera kusakanizika: mawu a m'Baibulo, mawu a mlaliki, ndi maganizo anu. Maganizo anuwo asalowemo n'komwe, ngakhale mutadziwa vesi lina limene mukuona kuti likanakometsa ulalikiwo. Zizindikiro zogwira mawu muziike pokhapokha mwabwezera foni m'mbuyo n'kulemba liwu ndi liwu. Pamene mawu sakumveka chifukwa cha kulira kwa mwana, mvula pa malata kapena kuzima kwa magetsi, musalotere zimene zinanenedwa. Funsani amene analipo. Ngati ulaliki unali ndi womasulira, tsatirani mlaliki, popeza womasulira amafupikitsa pena ndi kuwonjezera pena.

Palinso zimene ziyenera kutsala m'tchalitchi momwemo. Mayina a odwala amene anapemphereredwa, nkhani za mwambo wa mpingo, ndi chitsanzo chilichonse chimene anthu a m'mudzimo angazindikire mwini wake, musazilembe. Mawu olembedwa amatumizidwa ku magulu ena ndipo sabwezeka, ndipo chidzudzulo chimene chinanenedwa mwachikondi pa guwa chimaoneka chaukali chikakhala pa foni popanda liwu ndi nkhope ya wonenayo. Zolengeza za zopereka, maliro ndi misonkhano zipite mu uthenga wapadera.

Utali wabwino, mwa kuona kwanga, ndi mawu pakati pa 200 ndi 300, amene munthu angawerenge m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Chidule chikatalika kwambiri, WhatsApp imachidula n'kuika mawu akuti Read more, ndipo n'chifukwa chake ndime ndi chiganizo cha uthenga ziyenera kukhala pamwamba penipeni. Poyesa ngati mwachita bwino, werengerani munthu amene sanafike ku mapemphero, kenako mufunseni kuti ndime inali iti ndipo abusa amafuna tichite chiyani. Akayankha kuti nkhani inali ya mwana wamng'ono amene analapa, dziwani kuti mwana wamkulu simunamuonetse mokwanira, ndipo konzani. Mukatero tumizani kwa mlaliki kuti avomereze, ndipo yesetsani kuti chifike pa gulu Lamulungu lomwelo madzulo kapena Lolemba m'mawa. Kwa okalamba ndi ena amene kuwerenga kumawavuta, jambulani mawu anu mukuwerenga chidule chomwecho osawonjezera kanthu, muyambe ndi kuwerenga mavesi 25 mpaka 32 onse, ndipo mutchule kuti amene akufuna kumva abusa eni ake ayambire pa mphindi 12.