Kapepala kamene munakasiya kwa wogula

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse, zikomo pondipatsa mpata. Sinditenga nthawi yaitali. Ndayang'ana mabuku anu a malonda a chaka chino ndipo ndapeza chinthu chimodzi chondidetsa nkhawa. Munagulitsa mbewu kwa kampani yaikulu, kampaniyo inadula msonkho pa ndalama zanu, koma m'faelo yonse mulibe satifiketi ya msonkho wodulidwawo ngakhale imodzi. Nditafunsa a msungichuma, yankho linali lakuti ndalamazo zinapita ku boma, nanga tizilondoleranji? Apa ndi pamene mwataya ndalama, ndipo mwataya zambiri kuposa zimene anankafumbwe anakudyerani m'nkhokwe.

M'mayiko ambiri lamulo limauza wogula wamkulu kuti akamalipira wogulitsa adule kagawo kochepa n'kukapereka ku bungwe lotolera misonkho m'dzina la wogulitsayo. Mvetsetsani mawu akuti m'dzina la wogulitsa. Ndalamayo siisowa ayi. Imakalembedwa pa nambala ya msonkho ya kopaletivi yanu ngati ndalama imene mwalipiriratu. Msonkho weniweni wa kopaletivi amawerengera kumapeto kwa chaka, ndipo amawerengera pa phindu, osati pa ndalama zonse za malonda. Tsono yodulidwa ija amaichotsera pa msonkho weniweniwo. Umboni woti munalipiriratu ndi satifiketi imene wogula amayenera kukupatsani, imene inu simunaifunse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala ndikupatsaniwa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, chifukwa mlingo wa msonkho umasiyana dziko ndi dziko ndipo umasintha. Tinene kuti kopaletivi yagulitsa mbewu za ndalama zokwana 10,000,000, ndipo wogula wadula 3 pa 100 iliyonse. Wadula 300,000, ku banki kwalowa 9,700,000. Inu mamembala munalandira kale 8,500,000 pamene munkabweretsa mbewu pasikelo. Galimoto, matumba, mankhwala otetezera mbewu, lendi ya nyumba yosungiramo ndi malipiro a mlonda zatenga 900,000. Phindu la kopaletivi ndi 600,000. Ngati msonkho wa phindu uli 30 pa 100 iliyonse, muyenera kupereka 180,000 basi.

Mwaona? Muyenera kupereka 180,000 koma munapereka kale 300,000. Ndiye kuti boma lili ndi ndalama zanu 120,000, zimene limabweza kapena kuzisungira msonkho wa chaka chamawa, malinga ndi malamulo a dzikolo. Phindu lotsala m'manja mwa kopaletivi likhala 420,000. Kumene makopaletivi a alimi amachepetseredwa msonkho, yobwerera imakhala yochuluka kuposa apa.

Tsopano chotsani satifiketi ija. Wa misonkho akabwera, alibe poyambira kukhulupirira kuti munalipira kale. Akuuzani kuti mupereke 180,000, ndipo 300,000 ija mungoiwala. Pa phindu la 600,000 mwatsala ndi 120,000 yokha. Kusiyana konseku kwabwera chifukwa palibe amene anabwerera ku ofesi ya wogula kukatenga pepala limodzi. Ndipo choipa china n'chakuti popanda satifiketi simungadziwe ngati wogulayo anakaperekadi ndalamazo. Alipo ena amadula n'kuika m'thumba.

Chimandiwawa ndi chizolowezi chakuti ndalama ikangolowa ku banki nkhani yatha. Komiti imakhala tsiku lathunthu kukangana za mtengo wa matumba opanda kanthu, koma ndalama yoposa mtengo wa matumba onsewo imasiyidwa popanda wofunsa. Malisiti nawonso chimodzimodzi. Mwini galimoto mumamulipira pamanja, lisiti osatenga, ati timadziwana. Wa misonkho sadziwana ndi munthu. Ndalama imene ilibe lisiti akhoza kuikana, n'kuiwerengera ngati phindu, msonkho n'kukwera pa ndalama imene inatha kalekale.

Bambo ena anandiimitsa pa msonkhano wa kopaletivi ina, atakwiya ndithu. Akuti, "Alangizi, ine chaka chino theka la mbewu zanga ndagulitsa kwa mavenda. Venda sadula msonkho, amandipatsa ndalama yonse pompopompo." Ndinawafunsa kuti thumba lawo linalemera bwanji pasikelo ya venda uja. Anaseka, akuti pajatu sikelo yake imakhala ndi njala. Ndinawafunsanso ngati venda anabwerako kumapeto kwa chaka kudzawapatsa bonasi. Sanayankhe, anangoti komiti yawo nayonso sinawapatsepo. Pamenepo bambowo ankanena zoona, ndipo titatsegula mabuku a kopaletivi yawo tinapeza vuto lomweli. Membala akaona kuti msonkho ukudulidwa koma palibe chobwerera, simungamudzudzule akapita kwa venda. Akachoka khumi otere, matani amachepa, mtengo wa galimoto pa thumba umakwera, ndipo wogula wamkulu amayamba kuyang'ana kwina.

Nanga membala amapindula chiyani? Tibwerere ku masamu aja. Pa 420,000 yotsala, malamulo anu amati gawo lina lisungidwe m'thumba la kopaletivi, tinene kotala, ndiye 105,000. Yotsala 315,000 imagawidwa, ndipo sigawidwa mofanana ayi, imagawidwa molingana ndi makilogalamu amene aliyense anabweretsa. Mayi amene anabweretsa matumba 2 pa matumba 100 alionse amene kopaletivi inagulitsa alandira 6,300 pamwamba pa ndalama anatenga kale pasikelo. Popanda satifiketi, yogawana ikhala 90,000 ndipo mayi yemweyo alandira 1,800. Mbewu zake ndi zomwezo, thukuta ndi lomwelo.

Palinso china chimene simuchiona m'manja. Makampani aakulu, sukulu, zipatala ndi mabungwe ogula zambiri nthawi imodzi kawirikawiri amafuna nambala ya msonkho ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho asanasaine nanu mgwirizano. Mabanki nawo amafunsa zomwezo. Mlimi payekha zitseko zimenezi sizimutsegukira msanga, koma kopaletivi yolongosoka imalowa.

Musasokoneze msonkho uwu ndi VAT. Umenewo ndi wina, woonjezedwa pa mtengo, ndipo nthawi zambiri umayamba kukukhudzani mukayamba kugaya, kuyenga kapena kupakira katundu ndipo malonda anu akakula. Tidzakambirana tsiku lina.

Nthawi yatha, ndiye mwachidule. A mlembi, sabata ino lembani kalata kwa wogula aliyense amene anadula msonkho, mupemphe masatifiketi onse a chaka chino. Mukalandira onani zinthu zitatu: dzina likhale la kopaletivi osati la apampando, nambala ya msonkho ikhale yanu yeniyeni, ndipo ndalama yodulidwa igwirizane ndi invoisi komanso sitetimenti ya ku banki. Nambala ikalakwika ndalama yanu imakalowa kwa munthu wina, choncho bwezani akonze. Fomu ya msonkho wa pachaka muipereke pa nthawi yake ngakhale chaka chimene simunapange phindu, chifukwa popanda fomuyo palibe chobwezedwa, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa. Ku ofesi ya misonkho mukafunsenso ngati kopaletivi yanu ingapatsidwe chikalata choti ogula asamakuduleni, poti kwina amapereka kwa amene mabuku awo ali bwino. Pa msonkhano waukulu wa pachaka, a msungichuma adzawerenge poyera kuti inadulidwa zingati, yabwerera zingati, ndipo yagawidwa bwanji. Amene ali ndi mafunso andipeze tikamaliza, mabukuwa ndikhala nawo pano mpaka madzulo.