Kukonza sipuredishiti yoti anthu anayi azilemba mofanana

"Tilipo anayi, tonse timalemba katundu wogulitsa mu Google Sheets imodzi, koma aliyense amalemba mwakemwake. Tikonze bwanji?"

Yambani ndi mitu pamzere woyamba: nambala, dzina, gulu, mtengo, tsiku, wolemba. Kolamu iliyonse ikhale ya chinthu chimodzi basi. Mzerewo muukhomere pa View > Freeze > 1 row.

Ntchito yeniyeni ili pa kolamu ya gulu. Wina akalemba "mpando", wina "mipando", wachitatu "mpndo", mukamasefa zimatuluka ngati magulu atatu. Tsegulani tsamba lachiwiri, mulembepo magulu ovomerezeka, limodzi pamzere. Kenako sankhani kolamu yonse ya gulu, pitani pa Data > Data validation, musankhe Dropdown (from a range) ndi kuloza pamndandandawo. Pa Advanced options ikani Reject the input. Mukasankha chenjezo lokha, anthu amangolidumpha, inenso ndimatero.

Pa mtengo lolani manambala okhaokha. Wolemba "1500 kapena kukambirana" wasandutsa nambala kukhala mawu, ndipo SUM, fomula yowonkhetsa, imangowasiya osakuuzani. Mudzazindikira poona kuti zakhala kumanzere, pomwe manambala amakhala kumanja.

Kuti nambala ya katundu isabwerezedwe, ikani lamulo ili pa kolamu A kuyambira A2, mu Data validation momwemo, pansi pa Custom formula is:

```
=COUNTIF($A$2:$A,A2)=1
```

Pomaliza tsekani mitu ndi tsamba la magulu pa Data > Protect sheets and ranges.

Koma samalani, munthu akakopera zinthu kwina n'kumata, lamulo la pamalopo limatha kufufutika. Auzeni anzanu azimata ndi Ctrl+Shift+V.