Kagulidwe ka matiresi ndi pilo kwa ogonera m'mbali amene msana umawavuta

Ambiri msana ukayamba kuwawa amathamangira matiresi olimba ngati thabwa. Kwa munthu wogonera m'mbali, kumeneko n'kutaya ndalama. Thupi lonse limatsamira pa phewa ndi pachiuno, ndiye matiresi akakana kulowa pamalo awiriwo, msana umapindika usiku wonse. Kafukufuku wa ku Spain wa mu 2003, wa anthu 313 odwala msana kwa nthawi yaitali, anapeza kuti ogonera matiresi olimba pang'ono ankapezako bwino kuposa ogonera olimba kwambiri.

Musanapite kusitolo, chotsani matiresi anu akalewo muone bedi. Ngati matabwa ake ndi otalikirana kuposa masentimita 7, kapena ena anapindika, pitani kaye kwa kalipentala akawonjezere. Matiresi atsopano pa bedi lokumbika pakati nawonso amakumbika.

Kusitoloko, kukhuthala kusakupusitseni. Chimene chimachititsa kuti siponji ikhalitse ndi kulemera kwake, kumene amalemba ndi nambala monga 18, 23 kapena 28. Nambalayi imanena makilogalamu amene siponjiyo ingalemere itadulidwa mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Ya 18 imaphwa msanga, n'kusiya chigwa pamene pamagona chiuno. Kwa munthu wamkulu yambirani pa 23, ndipo ngati muli ndi thupi kapena mumagona awiri, funani 28 kupita m'mwamba. Ndalama zikaperewera, ine ndingasankhe mainchesi 6 a siponji yolemera kusiyana ndi mainchesi 10 a siponji yopepuka, ngakhale akuluwo amaoneka bwino alendo akasuzumira kuchipinda.

Nanga ngati nambala sinalembedwe, wogulitsa akungoti "awa ndi apamwamba, bwana"? Yezani pasikelo, ngakhale yokoleka ija yogulira chimanga. Tiyerekeze matiresi a anthu awiri: masentimita 190 m'litali, 137 m'lifupi, 15 kukhuthala. Chulukitsani 1.9 ndi 1.37 ndi 0.15, mupeza pafupifupi 0.39. Matiresiwo akalemera makilogalamu 7, gawani 7 ndi 0.39, yankho ndi 18: asiyeni. Akalemera 11, ndiye kuti ali cha pa 28. Nsalu yokutira imawonjezerako kulemera pang'ono, choncho musawerengere ndendende.

Sikelo yokha siyikwanira, chifukwa siponji ina amaisakaniza ndi ufa wa miyala kuti ilemere. Dinikizani ndi chibakera mwamphamvu kenako chotsani. Yabwino imabwerera nthawi yomweyo. Kenako gonanipo, manyazi muwasiye pakhomo. Gonerani mbali imene mumagonera kwanu kwa mphindi 10, ndipo mnzanu aime kumbuyo kwanu ayang'ane mzere wa msana kuchokera pakhosi kufika kumatako. Uziwoneka wowongoka. Chiuno chikamira mpaka kumva bedi pansi, afewetsa. Ngati dzanja la mnzanuyo likulowa mosavuta pampata wa pakati pa nthiti ndi chiuno, kapena phewa layamba dzanzi, alimbitsa. Matiresi ogwiritsidwa kale ntchito sindikulangizani: chigwa cha mwini wake mumachigula pamodzi ndi nsikidzi zake.

Pilo ndiye amene anthu amangotola aliyense, chonsecho ndi wotchipa kukonza. Ntchito yake ndi kudzaza mpata wa pakati pa khutu ndi matiresi kuti khosi lisapendekere pansi kapena m'mwamba. Kwa akuluakulu ambiri mpatawu umakhala masentimita 10 mpaka 15, ndipo a mapewa aakulu amafuna wokwererapo. Msinkhu wa pilo wokuyenerani mutha kuudziwa osalipira kanthu. Pindani mataulo kapena zitenje, muzisanjikize pansi pa mutu mutagona pa matiresi atsopanowo mpaka mphuno ilunjike pakati pa chifuwa, ndiye yezani mulu umenewo ndi rula mutu uli pomwepo. Muyeso wofunika ndi wa pilo atapsinjika, osati ali m'pepala la pulasitiki atafufuma. Wokhala ndi zipi ndi wabwino chifukwa mumatha kuchotsamo kapena kuwonjezeramo thonje. Mukadzuka mutalowetsa mkono pansi pa pilo, dziwani kuti ndi wamfupi.

Pilo wakaleyo musataye. Mupanikizeni pakati pa mawondo opinda pang'ono, kuti mwendo wapamwamba usagwere kutsogolo n'kupotokola chiuno. Matiresiwo muziwatembenuza pakatha miyezi itatu iliyonse, kumutu kupite kumiyendo, pansi pabwere pamwamba ngati mbali zonse ziwiri n'zogonera.

Thupi limatenga masabata angapo kuti lizolowere. Koma ululu wobwera ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kutentha thupi, kuwonda kosadziwika bwino, kapena kulephera kugwira mkodzo, si wa matiresi. TB nayo imagwira mafupa a msana. Zikatero pitani kuchipatala msanga, ndipo ngati ndi za mkodzozo, tsiku lomwelo.