Kachapidwe ka makatani, aneti ndi olemera, kuti ayere koma asafupike

Amene mumakhala ku Kasungu kuno, makamaka nyumba zoyang'ana msewu wafumbi monga mmene zilili m'makwalala ambiri apatauni pano, mukudziwa mmene katani imaonekera ikafika Okutobala. Mphepo ya Juni ndi Julaye imakhala yalowetsa fumbi, Ogasiti akamvuluvulu awonjezera, nde kuphatikizapo utsi wa mbaula imene timalowetsa m'nyumba nthawi yozizira ija, neti yomwe inali yoyera mbee imasanduka yachikasu, pansi pake pofiirira. Anthu ambiri akaona choncho amathamangira madzi otentha ndi jiki, ndipo zinthu ziwirizi ndi zimene zimapha makatani. Madzi otentha amafupikitsa olemera aja, jiki amawonjezera chikasu pa neti.

Musanatsitse chilichonse, yezani. Tengani tepi ya atelala muyeze kutalika kwa katani yolemera kuchokera pamwamba mpaka pansi, mulembe papepala. Kenako fufuzani kalebo m'mphepete, makatani apakaunjika ambiri amakhala nako. Mukaona kabeseni kodulidwa ndi mtanda ndiye kuti nsaluyo siyofuna madzi, kachizindikiro ka makona atatu kamene kadulidwa ndi mtanda kakutanthauza kuti jiki ayi, ndipo nambala ili m'kabeseni, monga 30, ndi katenthedwe ka madzi koyenera osapitirira. Ngati munasoketsa kwa atelala pamsika lebo palibe, nde mudzayesa nokha, ndifotokoza pansipa.

Chotsani tingowe tonse ndi mapini. Tazitsulo tikakhala m'madzi timasiya dzimbiri pansalu, komanso tingowe timakola neti n'kuing'amba.

Tsopano fumbi. Apa mpamene ambiri amadumpha, koma ineyo ndimaona kuti theka la ntchito lili pomwepa. Fumbi lathu kuno ndi lofiira, likangokumana ndi madzi limasanduka matope n'kulowa mkati mwa ulusi, nde ukanyika katani osaikutumula umakhala ngati waipaka utoto wekha. Tulutsani panja m'mawa mphepo isanayambe, gwiranani awiri muikutumule bwinobwino, yolemera muikoleke pachingwe muimenye pang'onopang'ono ndi kandodo kosalala mpaka fumbi lisiye kufuka. M'mapinda apamwamba mupititsemo bulashi yofewa chifukwa mmenemo ndi mmene mumabisala fumbi ndi akangaude. Mangani kansalu pamphuno, makamaka amene muli ndi mphumu.

Neti

Maneti ambiri amene amagulitsidwa masiku ano ndi a poliyesita, ena a nayiloni. Sakonda kufupika ayi, vuto lawo ndi kung'ambika, kukhwinyata kosatheka akaona madzi otentha kwambiri, ndi chikasu chija.

Tiyerekeze neti ya pawindo lapabalaza, mamita atatu m'lifupi, yatha chaka osachapidwa. Yambani ndi madzi ozizira opanda sopo m'beseni lalikulu, iviikeni ndi kuivuula kangapo, tayani madziwo, bwerezani mpaka madzi asiye kufiira. Kawiri kapena katatu zimakwana. Mukatero thirani malita 10 a madzi ofunda pang'ono, oti dzanja likhalemo osamva kutentha, musungunuliremo sopo waufa masupuni awiri akulu ndi theka la kapu ya soda, yemweyu timaphikira therere koma wapapaketi woyera uja, osati chidulo. Sungunulani kaye zonse neti isanalowe. Isiyeni mmenemo ola limodzi kapena awiri, ngati chikasu chakhwima igone usiku wonse, beseni mulivindikire.

Pochapa musatikite ngati malaya, ndipo pamwala osayerekeza n'komwe. Ingoipsinjani ndi zikhatho mkati mwa madzi, kuitembenuza, kupsinjanso. Pansi pamene pamakhudza simenti ndi pamwamba pamene pamadutsa waya mpomwe mungapake sopo wamtanda pang'ono n'kusisita ndi zala.

Tsukuluzani kawiri ndi madzi oyera, kachitatu muthiremo theka la kapu ya viniga woyera m'malita 10. Viniga amachotsa sopo wotsalira, ndipo sopo wotsalira uyu ndi amene amagwira fumbi latsopano n'kupangitsa neti kuoneka yotuwa. Fungo la viniga limatha neti ikauma. Koma soda ndi viniga musazithire beseni limodzi poganiza kuti thovu lija ndiye mphamvu, zimangophana basi n'kutsala madzi amchere. Soda ponyika, viniga potsukuluza.

Za jiki ndinene momveka. Pa nayiloni jiki amasiya chikasu chosachokanso, poliyesita nayenso ukamuchulutsira amatha kusintha mtundu, ndipo ulusi umafooka. Chinanso, ambiri timatunga pamjigo kapena pachitsime, ndipo madzi ena amakhala ndi chitsulo. Mungawadziwe chonchi: tungani m'ndowa yoyera agone, mawa mukapeza pansi pofiirira kapena ndowa yachita mzere wa dzimbiri ndiye kuti chilimo. Madzi otere akakumana ndi jiki chitsulo chija chimamatirira pansalu, neti imatuluka yoipa kuposa mmene inalowera. Bola muwasiye agone, mutunge apamwamba okha, kapena mudikire madzi amvula, omwe ndi abwino zedi pochapira zoyera, kungoti oyamba kutsika padenga muwataye. Ndipo chonde, jiki ndi viniga kapena mandimu zisakumane, zimatulutsa mpweya woopsa woti ungakutsamwitseni m'bafa.

Pomwe pali madontho a dzimbiri ochokera ku zitsulo zapawindo, finyirani ndimu, wazani kamchere, ikani padzuwa kwa kanthawi kenako tsukuluzani. Ngati neti yayera koma ikuonekabe yofooka, buluu wochapira pang'ono m'madzi omaliza amathandiza, madziwo angooneka buluu wa patalipatali. Sachotsa litsiro, amangobisa chikasu m'maso.

Pali chikasu china choti musavutike nacho. Neti ya windo loyang'ana kumadzulo, lomwe limawombedwa ndi dzuwa lamasana zaka ndi zaka, ulusi wake umapsa. Kokani pakona pang'ono ndi zala, ikangoti phwee kung'ambika kapena ikuuma gwa ngati pepala, imeneyo yatha, sopo aliyense sangaibweze.

Osafinya mopotokola. Ipindeni, ipsinjeni, muisiye pachingwe pamthunzi ingosiya kudontha, kenako ikolekeni pawindo pake ikadali yonyowa pang'ono. Imadziwongola yokha, simbi siyofunika. Koma windo ndi zitsulo zake mukhale mutapukuta kale, apo ayi neti yonyowa itola fumbi lonse lija nthawi yomweyo.

Makatani olemera

Apa nkhani ndi mtundu wa nsalu. A poliyesita amapirira madzi. A thonje amafupika, makamaka ngati nsaluyo inachoka pampukutu kupita kwa atelala osanyikidwapo. Apakaunjika nthawi zambiri anachapidwapo kale kumene anachokera nde kufupika kwake kumakhala kochepa, ngakhale si onse. Aveleveti, ndi aja okhala ndi mphira kumbuyo otchinga kuwala, ine ndinganene kuti asalowe m'beseni. Aveleveti ubweya wake umagona osadzukanso, amphira aja amamatana n'kusupuka. Amenewo akutumuleni, apukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, awombedwe mphepo pamthunzi, kapena apite kwa ochapa popanda madzi mukakhala ndi ulendo wa ku Lilongwe.

Kuyesa kwake nkosavuta. Ngati atelala anakupatsani kansalu kotsala, dulani masentimita 20 mbali zonse, kachapeni m'madzi ozizira, kaume, kayezeninso. Ngati palibe, nyowetsani pakona yobisika yapansi, psinjanipo ndi kansalu koyera. Mtundu ukatsalira pa kansalu koyerako ndiye kuti katani isuluka, ichapidwe payokha mwachangu osanyika. Pakona paja pakauma n'kukhwinyata kapena kukokeka, madzi siabwino kwa nsaluyo.

Masamu ake onani. Katani yotalika masentimita 230, kansalu koyesera ka 20 kabwerera theka la sentimita. Zikuoneka zazing'ono eti? Koma pa katani yonse ndi pafupifupi masentimita 6, ndipo katani yomwe inkapsopsona pansi iyamba kulendewera m'mwamba aliyense wolowa n'kuona. Zikakhala chonchi yang'anani mpendero wapansi, ngati atelala anapindira nsalu yokwanira, masulani musanachape, mudzapindenso ikauma. Zimavuta kwambiri katani ikakhala ndi layiningi ya nsalu ina, chifukwa imodzi imafupika ina ayi, nde m'mbali mumachita matumbamatumba. Ngati layiningi inasokedwa pansi pomwe, masulani msoko wapansiwo kuti nsalu iliyonse iziyenda payokha.

Chapani imodziimodzi, m'bafa kapena beseni lalikulu loti katani imire yonse. Madzi ozizira okhaokha, sopo wochepa wosungunula kale, chifukwa nsalu yochindikala imavuta kutsukuluza ndipo sopo wotsalira amalemba mizere yoyera pa katani yakuda. Kunyika mphindi 15 mpaka 20 basi, osati usiku wonse ngati neti. Psinjani ndi manja, kapena pondani pang'onopang'ono ndi mapazi osamba bwino, kumeneko kumathandiza msana. Tsukuluzani ndi madzi ozizira omwewo mpaka thovu lithe. Makatani a windo limodzi achapidwe tsiku limodzi mofanana, kuti ngati asinthe mtundu kapena kutalika asinthire limodzi.

Aja okhala ndi maringi achitsulo pamwamba, mangani mbali ya maringiyo pamodzi ndi kachingwe muisiye kunja kwa beseni, muipukute payokha ndi nsalu yonyowa.

Amene muli ndi makina ochapira, neti ilowe mu pilokesi yomanga kukamwa, madzi asapitirire madigiri 30, musankhe kachapidwe kofatsa ndi kuzungulira kochepa. Katani yolemera yodzaza makina thothotho musaikakamize, sichapika. Makina oumitsa ndi moto ayi ndithu, ndi amene amafupikitsa kuposa china chilichonse.

Poyanika itembenuzeni kunsi kukhale kunja, muiyale pazingwe ziwiri zoyandikana kuti kulemera kugawike, pamthunzi podutsa mphepo. Chingwe chawaya muchipukute kaye kapena muyalepo chitenje chakale kuopa dzimbiri. Dzuwa la Okutobala limaumitsa msanga inde, koma limasulutsa mtundu. Ikatsala pang'ono kuuma, gwiranani awiri wina kumtunda wina kumunsi muikoke mofatsa m'litali, muyeze ndi tepi kufananiza ndi nambala munalemba ija. Nsalu yathonje ikadali ndi chinyezi imalola kubwerera pang'ono, ikaumiratu basi zatha. Kenako ikolekeni pamalo pake imalizire kuuma ili chilendewere, mawindo otsegula. Ngati ndodo yanu ndi yopyapyala kapena misomali yake ikugwedera dikirani iume kaye, katani yonyowa imalemera moti itha kuzula zonse pakhoma.

Kusita, ngati kukufunika, sitani kunsi kwake ndi moto wochepa, pa poliyesita muyalepo kansalu kathonje. Simbi yamakala samalani nayo, kaphulusa kamodzi kamoto kaboola nsalu.

Nthawi yochapira olemera, ine ndimakonda kumayambiriro kwa Novembala mvula isanakhazikike, fumbi lalikulu litadutsa koma kukadali kouma, kenanso Epulo kapena Meyi ngati pakufunika. Mu Januwale ndi Febuluwale nsalu yochindikala imachedwa kuuma, imayamba kununkha chinyezi n'kuchita timadontho takuda ta nguwi tomwe kuchotsa kwake nkovuta kuposa fumbi. Neti yokha muziitsukuluza miyezi iwiri kapena itatu iliyonse nyengo yafumbi, imauma tsiku lomwelo ndipo soda simudzamufunanso kawirikawiri.