Kuyeserera funso loyamba la intavyu m'Chingerezi

"Chingerezi changa n'chapakatikati. Akati 'Tell me about yourself', ndimangoti kakasi. Ndiyeserere bwanji?"

Musanayambe, pezani mnzanu woti akhale wofunsa, chilengezo cha ntchitoyo, ndi foni yojambulira mawu.

1. Lembani yankho la ziganizo zinayi: ntchito yanu pano, zaka zomwe mwaigwira, chimodzi chomwe munachita bwino, ndi chifukwa chofunira ntchitoyi. Komwe munabadwira ndi nkhani za banja zisiyeni.

2. Yeserani kukambiranaku. Tiyerekeze kuti ndinu kalaliki wa zachuma.
Wofunsa: "Tell me about yourself."
Inu: "I am an accounts clerk. I have worked in accounts for three years. Last year I trained two new clerks. Now I am looking for more responsibility."

3. Samalani apa, ndi pomwe ambiri amapunthwa. Amati "I am working here since three years." N'zolakwika. Ntchito yomwe munayamba kale ndipo mukuigwirabe imafuna "I have worked". Mawu oti "for" amatsagana ndi kutalika kwa nthawi, pomwe "since" amafuna poyambira, monga "since 2021". Koma mukangotchula nthawi yomwe inatha, monga "last year", nenani "I trained", osati "I have trained".

4. Mnzanuyo akufunseni mwadzidzidzi funso lomwe simunalembe. Ngati simunamve, nenani "Could you repeat the question, please?" Kungoti "What?" kumamveka mwano.

5. Jambulani osayang'ana pepala, kenako mvetserani. Yankho likapitirira mphindi ziwiri, lidulireni. Likamveka ngati ndakatulo yoloweza, sungani mfundo zinayi zija m'mutu koma musinthe mawu ulendo uliwonse.