Momwe mungapezere tsiku limene fankishoni inalowa kapena kuchotsedwa mu khodi pogwiritsa ntchito piki ya Git

Mwatsegula fayilo kuti mukonze fankishoni imene mukuikumbukira bwinobwino, koma mulibemo. Mwayang'ana m'mafayilo ena onse, osaipeza. Mnzanu amene mukugwira naye ntchito akuti iye sanaikhudze. Apa anthu ambiri amathamangira ku `git blame`, koma lamulo limeneli limangokuuzani za mizere imene ilipo lero. Mzere umene unafufutidwa silingauone.

Git ili ndi chida chokumbira zinthu zotere, ndipo dzina lake pa malangizo a Git ndi `pickaxe`, kutanthauza piki, ija timakumbira nayo nthaka youma. Pa kompyuta mumangolemba `-S` pambuyo pa `git log`. M'nkhani ino, kusintha kulikonse kumene munasunga ndi `git commit` tizikutchula kuti komiti, monga momwe olemba mapulogalamu amanenera.

Tiyerekeze kuti tili ndi kapulogalamu ka Python kosunga ngongole za gulu, ndipo munali fankishoni yotchedwa `werengera_chindapusa` yowerengera ndalama imene munthu alipire akachedwa kubweza. Lero yasowa.

Choyamba, mvetsani kuti piki imawerenga

Mfundo iyi ndi imene ndikufuna muigwire kwambiri, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pa iyo. `-S` siyang'ana makomiti amene mawu anu akupezekamo. Pa komiti iliyonse, Git imatenga fayilo imene yasinthidwa, n'kuwerenga kuti mawu anuwo analimo kangati komitiyo isanachitike, ndipo alimo kangati itachitika. Manambala awiriwo akasiyana, komitiyo imaonetsedwa. Akafanana, imadumphidwa.

Choncho komiti imene inabweretsa fankishoni imaoneka chifukwa nambala inachoka pa 0 kufika pa 1. Imene inaichotsa imaoneka chifukwa nambala inachoka pa 1 kubwerera pa 0. Makomiti onse a pakati, amene ankangokonza za m'kati mwa fankishoniyo osakhudza dzina lake, satuluka n'komwe. Kukoma kwa piki kuli pamenepo: m'mbiri ya makomiti zikwi, imakusiyirani awiri kapena atatu.

Sankhani bwino mawu oti mukumbire

Mukangolemba dzina lokha la fankishoni, motere:

```
git log --oneline -S"werengera_chindapusa"
```

mudzalandira mndandanda wautali kuposa momwe mumafunira. Chifukwa chake n'chakuti dzinalo silipezeka pamalo amodzi. Lili pamene fankishoniyo inalembedwa, lili paliponse pamene ikuitanidwa, lili m'mafayilo oyesera khodi, mwinanso m'ndemanga. Nthawi iliyonse imene munthu anawonjezera kapena kuchotsa malo amodzi oitanira, nambala inasintha, ndipo komitiyo idzatuluka.

Njira yake ndi kukumba ndi mawu amene amapezeka kamodzi kokha, pamzere umene fankishoni imayambira. Mu Python mzerewo umayamba ndi `def`:

```
git log --oneline -S"def werengera_chindapusa("
```

Taonani kachizindikiro `(` kamene ndaika kumapetoko. Sindinakaike mwangozi. `-S` imagwira mawu ngakhale ali mbali chabe ya mawu ena aatali, ndiye ngati munali fankishoni ina yotchedwa `werengera_chindapusa_chakale`, nayonso ikanawerengedwa. Kachizindikiroko kamatseka dzina. Ndipo simufunika kukatchinjiriza ndi china chilichonse, chifukwa `-S` imatenga mawu anu ndendende monga mwawalembera. Mu JavaScript mukhoza kuyamba ndi `function`, mu Go ndi `func`. Muonetsetse kuti mipata ili momwe inalili m'fayilo, chifukwa mpata umodzi wowonjezera ndi wokwanira kuti musapeze kanthu.

Werengani zimene zatuluka

M'chitsanzo chathu, tinene kuti kwatuluka izi:

```
9c41e07 cleanup
3fa82b1 Kuwonjezera chindapusa cha ochedwa
```

Git imayamba ndi komiti yatsopano kupita ku yakale. Ndiye ya pansi, `3fa82b1`, ndi imene inabweretsa fankishoni, ndipo ya pamwamba, `9c41e07`, ndi imene tikuiganizira kuti inaichotsa. Uthenga wake ndi liwu limodzi lokha, `cleanup`. Mukanafufuza m'mauthenga a makomiti ndi `--grep` simukanaipeza, pakuti wolembayo sanatchule dzina la chimene anachotsa. Piki siidalira zimene munthu analemba pofotokoza, imayang'ana khodi yeniyeniyo.

Kuti muone masiku ndi mayina a olemba, sinthani maonekedwe a mndandanda:

```
git log --date=short --format="%h %ad %an %s" -S"def werengera_chindapusa("
```

Ngati chimene mukufuna ndi kubadwa kwa fankishoni basi, wonjezerani `--reverse` kuti yakale kwambiri ikhale pamwamba.

Musakhulupirire mndandanda wokha, tsegulani komitiyo

Mndandanda sunena ngati nambala inakwera kapena inatsika. Umangonena kuti inasintha. Wonjezerani `-p` kuti muone kusinthako:

```
git log -p -S"def werengera_chindapusa("
```

Mzere ukayamba ndi `+`, fankishoni inalowa. Ukayamba ndi `-`, inachoka. Pamene zatuluka zambiri, dinani `/` n'kulemba dzina la fankishoni kuti mudumphire pamzerewo, ndipo `q` ndi yotulukira.

Apa pali chinthu chimene chimasocheretsa anthu. Mukagwiritsa ntchito `-p` pamodzi ndi `-S`, Git imangokuonetsani mafayilo amene nambala inasintha, osati komiti yonse. Nthawi zambiri zimenezi n'zothandiza, koma funso lanu lenileni kawirikawiri limakhala lakuti, anaichotseranji? Yankho likhoza kukhala m'fayilo ina imene yabisika. Ndiye tsegulani komiti yonse:

```
git show 9c41e07
```

Kapena wonjezerani `--pickaxe-all` pa lamulo lija, kuti mafayilo onse a komiti imene yapezeka aoneke. M'chitsanzo chathu mwina mupeza kuti m'komiti yomweyo munabadwa fankishoni ina ya dzina latsopano yogwira ntchito yomweyo. Zikatero, fankishoni yanu sinafe, inangosinthidwa dzina. Kwa piki kusintha dzina ndi kufufuta n'chimodzimodzi, chifukwa dzina lakale lachoka pa 1 kufika pa 0.

Kusamutsa nako kuli ndi khalidwe lake. Popeza kuwerenga kumachitika fayilo ndi fayilo, fankishoni ikachotsedwa mu `ngongole.py` n'kuikidwa mu `malipiro.py`, komitiyo imatuluka, ndipo mudzaona `-` kumodzi ndi `+` kwina. Koma ikangosunthidwa kuchoka pamwamba kupita pansi m'fayilo yomweyo, nambala imakhalabe 1, ndipo `-S` imangokhala chete.

Pamene mukufunika `-G`

Kukhala chete kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa `-S` ndi mbale wake `-G`. `-G` siwerenga. Imayang'ana mizere yonse imene inawonjezedwa kapena kuchotsedwa m'komiti, ndipo ikapeza mzere wogwirizana ndi zimene mwalemba, imaonetsa komitiyo.

```
git log --oneline -G"def werengera_chindapusa"
```

Lamulo ili lidzatulutsa makomiti awiri aja, komanso komiti imene inasuntha fankishoni m'fayilo, ndi imene inawonjezera china m'kati mwa `( )` pamzere woyamba uja. Ine ndimayamba ndi `-S` nthawi zonse, ndipo ndimapita ku `-G` pokhapokha funso likasintha kuchoka pa "inalowa liti" kukhala "ndani anakhudza mzerewu". Chenjezo limodzi: `-G` imatenga mawu anu ngati `regex`, kumene zizindikiro monga `(` ndi `.` zili ndi matanthauzo apadera. N'chifukwa chake ndachotsa `(` pa lamulo ili. Mukafuna kukasunga, lembani `\(`.

Mukapanda kupeza kanthu

Yambani mwakayikira kalembedwe. Piki imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo `-i` ndi imene imathetsa zimenezo. Fupikitsaninso mawu, chotsani `def` ndi `(`, muone ngati china chituluka.

Kenako kumbukirani kuti `git log` imayenda m'mbiri ya nthambi imene mwaimapo yokha. Ngati fankishoniyo inalembedwa pa nthambi imene sinaphatikizidwe, wonjezerani `--all`.

Vuto lovuta kulizindikira ndi ili: mwapeza komiti yobweretsa fankishoni, koma yoichotsa palibe, chonsecho m'fayilo mulibe. Mukaona chizindikiro chimenechi, ganizirani za komiti yophatikiza nthambi. Git siifufuza makomiti ophatikiza pokhapokha mutaiuza. Munthu akamathetsa kusagwirizana kwa nthambi ziwiri, n'zosavuta kuti atenge mbali imodzi n'kutaya fankishoni ya mnzake osadziwa. Wonjezerani `-m`:

```
git log --oneline -m -S"def werengera_chindapusa("
```

Tsopano komiti yophatikiza imayerekezedwa ndi kholo lake lililonse palokha, kutanthauza komiti yomaliza ya nthambi iliyonse imene inaphatikizidwa. Mudzaona makomiti ophatikiza angapo amene sanalakwe kanthu, amene anangonyamula fankishoniyo kuchokera ku nthambi ina, choncho wonjezerani `-p` n'kuyang'ana amene akuonetsa `-` pamzere wa `def`.

Palinso vuto la mbiri yodulidwa. Ngati munakopera khodi ndi `git clone --depth 1` pofuna kusunga bandulo, kompyuta yanu ilibe mbiri yakale. Fankishoni yochotsedwa kale siidzapezeka, ndipo iliyonse imene ilipo idzaoneka ngati inabadwa pa komiti imodzi yomweyo. Lamulo la `git fetch --unshallow` limabweretsa mbiri yonse.

Pa khodi yaikulu piki imachedwa, chifukwa imatsegula kusintha kwa komiti iliyonse. Mukhoza kuichepetsera ntchito poika `-- ngongole.py` kumapeto kwa lamulo. Koma fayiloyo ikakhala kuti inasinthidwapo dzina, kufufuza kudzaima pa komiti yosintha dzinayo, ndipo idzaoneka ngati ndi imene inabweretsa fankishoni. Wonjezerani `--follow`, imene imagwira ntchito pa fayilo imodzi yokha, kapena tchulani foda yonse m'malo mwa fayilo.

Kuibweza fankishoniyo

Mwatsimikiza kuti `9c41e07` ndi imene inafufuta. Fankishoniyo ikadali yamoyo m'komiti ya kumbuyo kwake, imene timailemba poika `~1` pambuyo pa nambala:

```
git show 9c41e07~1:ngongole.py
```

Lamulo ili limangoonetsa fayilo monga inalili, silisintha chilichonse. Njira ya fayilo muilembe kuyambira pa foda yaikulu ya pulojekiti. Koperani fankishoni yokhayo n'kuiika m'fayilo ya lero. Sindikulangizani kubweza fayilo yonse yakale, chifukwa mudzafufuta ntchito yonse imene anzanu achita m'fayilomo kuyambira tsiku limenelo.

Musanasunge, fufuzani ndi `git grep` ngati mafankishoni ena amene `werengera_chindapusa` inkaitana akadalipo ndi mayina omwewo. Wina akasowa, mukumbeni ndi `-S` momwemo. Ndipo dzina la wolemba komiti ija muli nalo kale pa mndandanda, ndiye mutumizireni nambala `9c41e07` ndi kumufunsa chimene anaona pa fankishoniyo kuti aichotse.